Botolo Lisayandame: Kuika Mthunzi Woona pa Chithunzi Chosinthidwa

Mwa zithunzi za malonda zimene zimayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook masiku ano, zambiri sizinajambulidwe monga mmene mukuzionera. Mayi wogulitsa madzi a malambe wasintha botolo, mnyamata wa uchi wasintha sitika, koma ndalama yoitanira wojambula kachiwiri palibe. Ndiye wokonza zithunzi pa kompyuta amachotsa botolo lakale, n'kumatapo latsopano pa tebulo lomwelo. Kudula botolo m'mbali mwake bwinobwino ambiri amakutha. Pamene pamagona ntchito ndi pansi pa botolo. Mukaona chithunzi ndipo mtima n'kukuuzani kuti pena pake pali bodza koma simukudziwa kuti ndi pati, nthawi zambiri ndi mthunzi: walowera kolakwika, kapena wafewa mopitirira, kapena wasiyana ndi tsinde la botolo moti botololo likuoneka ngati likuyandama m'malere.

Mfundo yaikulu ndi yakuti mthunzi suupeka m'mutu. Umawerengedwa pa chithunzi chomwecho, kuchokera ku zinthu zimene zinalipo kale tsiku lojambula. Kapu, supuni, mwendo wa mpando, ngakhale kamwala ka pansi, chilichonse chimene chili ndi mthunzi wakewake chikukuuzani kumene kuwala kunachokera ndiponso kukula kwa chimene chinkawalacho.

Tiyeni titenge chithunzi chimodzi tiyende nacho. Chinajambulidwa pa khonde chakumadzulo, dzuwa likuwomba kuchokera kumanzere. Pa tebulo la matabwa pali kapu ya masentimita 10 ndi botolo lakale limene tikufuna kulichotsa. Latsopano ndi la pulasitiki, lalitali masentimita 22, lodzaza madzi a malambe. Pa kompyuta kapuyo ndi yaitali mapikiselo 400, kutanthauza kuti pamalo amenewo sentimita imodzi ndi mapikiselo 40, ndipo botolo latsopano liyenera kukhala mapikiselo 880.

Musanafufute botolo lakale, sungani kope lake. Mthunzi wake ndi mboni yabwino kuposa zonse, ndipo ngati botolo latsopano likufanana nalo msinkhu ndi kunenepa, chanzeru ndi kuusiya mthunziwo momwemo n'kungoimika latsopano pa tsinde lomwelo. Palibe mthunzi wopangidwa ndi manja umene ungapose umene dzuwa linajambula lokha. Koma ngati lakale linali lalifupi ndi lonenepa, mthunzi wake uyenera kuchoka wonse, ndi Clone Stamp kapena Content-Aware Fill, ndipo muonetsetse kuti mizere ya thabwa ikupitirira bwino. Chithunzi chimene botolo lili ndi mithunzi iwiri, wakale wozilala ndi watsopano, pamene kapu ili ndi umodzi, chimadziulula chokha.

Kolowera mthunzi

Tsegulani leya yatsopano yongolembapo mizere, imene mudzaitaya pomaliza. Mzere woyamba uyambire pakati pa tsinde la kapu kukafika pakati pa nsonga ya mthunzi wake. Mzere umenewu wagona pa tebulo, ndipo ukusonyeza njira imene mithunzi ikuyenda. Wachiwiri uyambire pa mlomo wa kapu, pamwamba, kutsikira pa malo a mthunzi amene mlomowo wagwera. Umenewu ndi njira ya kuwala kwenikweniko, kuchokera ku dzuwa kudzera pa mlomo wa kapu mpaka pa thabwa.

Tsopano kokerani mizere iwiriyo pa botolo latsopano osaipotoza. Wogona uja uyambire pakati pa tsinde la botolo, wotsika uja uyambire pamwamba pa chitsekero. Pamene yakumana ndi pamene mthunzi wa chitsekero uyenera kuthera. Pa chithunzi chathu mthunzi wa kapu watalika mapikiselo 500, ndiye popeza botolo laposa kapu kawiri ndi pang'ono, wake ufika pafupifupi mapikiselo 1,100. Simunaganizire chilichonse, mwangoyeza.

Pali chenjezo limodzi. Kukokera mizere osaipotoza kumagwira bwino ngati botolo lili pafupi ndi kapu ndiponso mtunda wake kuchokera pa kamera ndi wofanana. Zinthu zikatalikirana, mizere ya dzuwa pa chithunzi siyenda mofanana ndendende. Imakakumana pa malo amodzi, monga mmene mbali ziwiri za msewu wowongoka zimaonekera ngati zikukakumana kutali. Zikatero pezani zinthu ziwiri kapena zitatu zokhala ndi mithunzi, talikitsani mizere yawo mpaka ikumane, ngakhale kukhale kunja kwa chithunzi, ndipo mzere wa botolo lanu uulozetse komweko. Njira yomweyi ndi imene akatswiri ofufuza zithunzi zabodza amagwiritsa ntchito. Hany Farid pamodzi ndi Eric Kee ndi James O'Brien anafalitsa kafukufuku wa zimenezi mu 2013, wosonyeza kuti ngati kuwala kukuchokera pamalo amodzi, mizere yolumikiza zinthu ndi mithunzi yake iyenera kugwirizana pa malo amodzi, ndipo chinthu chomatidwa mosasamala chimatuluka pa mgwirizanowo. Chimene iwo amagwirira wakuba, inu mumangira nacho ntchito yanu.

Ngati pa chithunzi palibe chinthu chilichonse chokhala ndi mthunzi woonekera, funsani mwini wake nthawi imene anajambula. Dzuwa likakwera madigiri 45, mthunzi umafanana kutalika ndi chinthucho. Likatsika kufika madigiri 30, umatalika pafupifupi kamodzi ndi magawo atatu a magawo anayi. Kuno kwathu musaiwale kuti dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, ku Lilongwe chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. Botolo lojambulidwa masana m'masiku amenewo limakhala ndi kamthunzi kozungulira tsinde basi, ndipo kulipatsa mthunzi wautali monga mumaonera pa zithunzi za ku Ulaya ndi kulakwitsa. M'mwezi wa Juni dzuwa la masana limapendekera kumpoto, mthunzi n'kuloza kumwera.

Kupanga mthunziwo

Mu Photoshop, gwirani Ctrl n'kudina pa kachithunzi ka leya ya botolo kuti musankhe maonekedwe ake onse. Tsegulani leya ina pansi pa botolo, ithireni mtundu wakuda, ndipo musinthe kasakanizidwe kake kakhale Multiply. Dinani Ctrl+T, kenako batani lakumanja la mbewa, musankhe Distort. Gwirani kakona ka pamwamba n'kugoneka chithunzi chakudacho pa tebulo mpaka chitsekero chake chifike pamene mizere yanu inakumana. Ngati dzuwa lili kuseri kwa botolo moti mthunzi ukubwera kwa inu, yambani mwautembenuza ndi Flip Vertical. Photopea, imene imatseguka pa intaneti kwaulere, ili ndi zonsezi ndi mayina omwewa, ndipo mu GIMP chida cha Perspective chimagwira ntchito yomweyo.

Chinyengo chimenechi chimatheka chifukwa botolo ndi lobulungira. Kaya mulione kutsogolo kaya m'mbali, maonekedwe a m'mphepete mwake sasintha, choncho mmene kamera ikulionera ndi mmenenso dzuwa likulionera. Jagi ya chogwirira kapena katoni ya sopo ndi nkhani ina. Dzuwa lochokera kumanzere likuona mbali imene kamera sikuiona, ndipo mthunzi wake muyenera kuujambula ndi dzanja, kona ndi kona, pogwiritsa ntchito mizere ija.

Malo amene anthu ambiri amagwera ndi pa tsinde. Pansi pa botolo pa chithunzi si mzere wowongoka, ndi popindika, ndiye mukagoneka mthunzi pamatsala kampata ka thabwa lowala pakati pa botolo ndi mthunzi wake. Kampata kameneka, ngakhale ka mapikiselo atatu, ndi kamene kamanyamula botolo m'mwamba. Mthunzi uyenera kutulukira m'mbali zonse ziwiri za tsinde ndi kulowa pang'ono kunsi kwa botolo. Tsekani kampatako ndi burashi pa leya ya mthunzi yomweyo.

Kufewa kwake

Apa ndi pamene pamasiyana amene amangotsatira mavidiyo ndi amene amayang'ana. M'mphepete mwa mthunzi mumafewa chifukwa chowunikira chili ndi kukula kwake. Pakati pa mthunzi chowunikiracho chabisika chonse, koma m'mphepete chabisika mbali imodzi yokha, ina ikuwalabe. Choncho zinthu ziwiri ndi zimene zimalamula. Chowunikira chikakula poyerekeza ndi mtunda wake, mthunzi umafewa kwambiri. Ndiponso mbali ya chinthu ikatalikirana ndi pamene mthunzi wake wagwera, mthunziwo umafewa kwambiri. N'chifukwa chake mthunzi woona umakhala wakuthwa pa tsinde, n'kumanka nufewa kulowera ku nsonga. Imikani botolo padzuwa muone nokha.

Dzuwa, ngakhale ndi lalikulu, lili kutali kwambiri moti kumwamba limatenga pafupifupi theka la digiri imodzi. Zotsatira zake n'zakuti kufewa kwa m'mphepete kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mtunda umene kuwala kwayenda kuchoka pa chinthu kukafika pansi. Pa botolo lathu, kuchoka pa chitsekero kukafika pa nsonga ya mthunzi ndi masentimita pafupifupi 40, ndiye kufewako ndi mamilimita anayi okha, kapena kuti mapikiselo 15 kapena 16. Mu Gaussian Blur, Radius ya mapikiselo anayi kapena asanu imapereka kufewa kotere. Pa tsinde, pikiselo imodzi ndi yokwanira. Yerekezani ndi anthu amene amaika Radius ya 40 pa mthunzi wonse pamene kapu ya pambali ili ndi mthunzi wakuthwa.

Tebulo lomwelo likalowa m'nyumba, zonse zimasintha. Tinene kuti kuwala kukulowera pa zenera lotambalala mita imodzi, lomwe lili mamita awiri kuchokera pa botolo, dzuwa osalowa mwachindunji. Kukula kwa zenera ndi theka la mtunda wake, choncho kufewa ndi theka la mtunda wa pakati pa chinthu ndi mthunzi wake. Pa masentimita 40 aja ndi masentimita 20, kuposa kunenepa kwa botolo lenilenilo katatu. Mthunzi wa chitsekero umasungunukiratu osaonekanso maonekedwe ake. Chimatsala ndi mdima wooneka bwino pafupi ndi tsinde, umene umazilala msanga. Tsiku la mitambo thambo lonse ndi limene likuwala, ndipo mumangotsala ndi kamdima kofewa kozungulira tsinde. Fulashi ya foni nayo ndi yaying'ono kwambiri, imapereka mthunzi wakuthwa wobisala kuseri kwa chinthu.

Kuti kufewa kuzikula pang'onopang'ono, njira yosavuta ndi kukhala ndi makope awiri a mthunzi. Limodzi lipatseni Gaussian Blur yochepa, linalo yochuluka. Pa lakuthwalo ikani Layer Mask ndipo mukoke Gradient kuti lioneke pa tsinde n'kuzimiririka chapakati. Pa lofewalo chitani mosemphanitsa. Yang'anani pamene awiriwa akumana kuti pasade kwambiri kapena kuyera. Amene ali ndi Photoshop ya masiku ano angagwiritse ntchito Field Blur, yomwe ili mu Blur Gallery: kapini kamodzi pa tsinde ndi nambala yaying'ono, kena pa nsonga ndi nambala yaikulu, pakatipo pulogalamu imadzaza yokha.

Mdima wake nawo umayezedwa. Tsegulani Info, ikani mbewa pa thabwa lowala pafupi ndi kapu, kenako mkati mwa mthunzi wa kapu. Tinene kuti powala pakuwerenga 200 ndipo mumthunzi 110. Ndiye kuti mthunzi wasiya 55 peresenti ya kuwala, ndipo leya yakuda pa Opacity ya 45 peresenti ikupatsani 110 yomweyo. Muonanso kuti manambala atatu a R, G ndi B satsika mofanana. Panja, mthunzi umawunikiridwa ndi thambo, choncho umapendekera ku buluu. M'chipinda cha makoma achikasu umatenga chikasucho. Sinthani mtundu wa leya yanu pang'ono ndi Hue/Saturation mutachonga Colorize ndi kukweza Lightness pang'ono, kapena ndi Curves, mpaka manambala a mithunzi iwiriyo ayandikane. Ine ndimaona kuti mthunzi wakuda bii ndi umene umaononga zithunzi zambiri kuposa wolowera kolakwika, chifukwa umaoneka ngati utoto wotayikira pa tebulo. Ndiponso padzuwa lamphamvu musauzilalitse kwambiri ku nsonga. Onani wa kapu: mdima wake umakhala pafupifupi wofanana kuyambira pa tsinde mpaka kumapeto.

Pomaliza pake onjezani kamthunzi ka pokhudzana. Pamene botolo lagunda thabwa kuwala sikulowa kuchokera mbali iliyonse, ndiye pamakhala kamzere kakuda kwambiri, kochepa, ka mapikiselo awiri mpaka anayi pa chithunzi chathu, kotsatira kupindika kwa tsinde, ngakhale mbali imene kuli dzuwa. Kajambuleni ndi burashi yaying'ono pa leya yakeyake. Kamzere kameneka ndi kamene kamapatsa botolo kulemera.

Zimene Multiply sadziwa

Ngati mthunzi wa botolo ukudutsa pa mthunzi wa kapu, Multiply adetsa malo okumanawo kawiri. M'chilengedwe sizitero. Malo amene kapu yatchinga kale dzuwa, botolo silingalitchingenso kachiwiri, choncho mithunzi iwiri ya dzuwa limodzi imangolumikizana n'kukhala mdima umodzi. Fufutani mbali yolowanayo ndi Layer Mask. Chimodzimodzinso mthunzi ukafika m'mphepete mwa tebulo umaduka, ndipo ukagunda khoma umapindika n'kukwera. Ukagwera pa kapu, umakwera pa kapuyo.

Za m'botolo nazo zili ndi mbali yake. Madzi a malambe ndi olimba, kuwala sikudutsa kwenikweni, ndiye mthunzi wake ndi wodzaza, kupatula pa khosi pamene palibe kanthu, pomwe uyenera kupepukirako. Uchi, mafuta ophikira ndi madzi akumwa zimalola kuwala kudutsa, ndipo botolo lobulungira limakusonkhanitsa kuwalako, moti mkati mwa mthunzi mumakhala chigamba chowala cha mtundu wa zamkatizo, m'mbali muli mizere yakuda. Chigambacho mungachipange pofufuta pang'ono pakati pa mthunzi ndi kupakapo chikasu pa leya ya Screen. Botolo la madzi oyera lokhala ndi mthunzi wakuda ngati wa njerwa silikhulupirika.

Nanga ngati botolo latsopano linajambulidwa kuwala kukuchokera kumanja, pamene pa tebulo kukuchokera kumanzere? Mthunzi wabwino chotani sungabise zimenezi, chifukwa mbali yowala ya botolo ikhala moyang'anana ndi mthunzi wake womwe. Mukalitembenuza ndi Flip Horizontal kuwala kumakhala bwino koma zilembo za pa sitika zimawerengeka chammbuyo. Njira yake ndi kutembenuza botolo, kenako kumatanso sitika payokha.

Sitika

Pa sitika anthu amalakwitsa mwa njira ina: amaipatsa mthunzi wochuluka kwambiri. Amatsegula Drop Shadow n'kusiya manambala mmene awapezera, sitika n'kumaoneka ngati yapachikidwa patsogolo pa botolo. Pepala la sitika ndi lopyapyala, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Pa chithunzi chathu milimita imodzi ndi mapikiselo anayi, ndiye mthunzi wa m'mphepete mwake sukwana ngakhale pikiselo imodzi. Ngati mukufuna kuti m'mphepete muoneke, Distance ikhale 1, Size ikhale 1 kapena 2, Spread ikhale 0. Angle imanena kumene kuwala kukuchokera, osati kumene mthunzi ukupita: 90 ndi pamwamba, 180 ndi kumanzere, choncho dzuwa lathu la kumanzere chakumwamba lili pakati pa ziwirizi. Samalani ndi Use Global Light, chifukwa ikachongedwa, kusintha Angle pa leya imodzi kumasinthanso leya zina zonse zimene zili ndi chongacho. Mthunzi wokulirapo umaloledwa pokhapokha pamene kona ya sitika yamatuka, ndipo pamenepo lamulo lija limagwiranso ntchito: wakuthwa pamene pepala lagwira, wofewa pamene ladzuka.

Chimene chimachititsa sitika kuoneka yomatidwadi ndi mthunzi umene uli pamwamba pake, osati pansi pake. Botolo ndi lowala mbali ya dzuwa ndipo limanka lida kulowera mbali inayo, ndiye sitika iyenera kutenga kusintha komweko. Yambani mwaipinda ndi Warp kuti itsate thupi la botolo, m'mphepete mwa pamwamba ndi pansi mupindike mofanana ndi tsinde, zilembo za m'mbali zipanikizike pang'ono. Kenako tsegulani leya pamwamba pake, imangirireni ku sitika ndi Ctrl+Alt+G kuti zimene mupake zisatulukire kunja, ikani pa Multiply, ndipo mukoke Gradient yochoka poyera kumanzere kupita kotuwa kumanja. Ngati sitika yakale inali yoyera, mdima wake ndiwo muyezo wanu: yezani ndi Info kumanzere, pakati ndi kumanja kwake, mutsatire manambala amenewo. Sitika ya pulasitiki yonyezimira imafunanso kamzere kowala pa leya ya Screen, kolunjika ndi kunyezimira kwa botolo pamwamba ndi pansi pake. Ya pepala wamba sinyezimira, isiyeni.

Mukamaliza, maso anu amakhala atazolowera chithunzicho ndipo sakuonanso zolakwika. Tembenuzani chithunzi chonse ndi Flip Canvas Horizontal, chidzaoneka chachilendo ndipo mthunzi wopotoka udzaonekera. Ikani Levels pamwamba pa zonse n'kukoka kwambiri kuti mdima uwale: mthunzi wanu ndi wa kapu uyenera kusintha mofanana, ndipo zotsalira za mthunzi wakale zimatulukira pamenepa. Kenako tumizani chithunzicho pa foni muchione chaching'ono, chifukwa makasitomala adzachiona chotero, ndipo botolo loyandama limaonekera msanga pa chithunzi chaching'ono kusiyana ndi chachikulu.

Inu eni malonda, ngati mukudziwa kuti botolo latsopano lidzamatidwa pa chithunzi chakale, lijambuleni pa malo athyathyathya, kuwala kukuchokera mbali yomweyo, pa ola lofanana, kamera ili pa msinkhu womwewo, ndipo musadule mthunzi wake potumiza. Wokonza zithunzi adzaunyamula mthunziwo pamodzi ndi botolo n'kuuika pa Multiply, ndipo theka la ntchito tafotokozayi lidzakhala litatha kale.